Nsima Yophikidwa Pakhomo Siifika M'buku la Chuma cha Dziko

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Pulogalamu ya lero ikukamba za nambala imene wophunzira aliyense wa zachuma amakumana nayo sabata zoyambirira, ndipo sasiyana nayo mpaka tsiku lovala gauni. M'mabuku amailemba ndi zilembo zitatu, GDP, ndipo pakamwa anthu amangoti jidipi. Nduna ya zachuma ikaima m'Nyumba ya Malamulo n'kunena kuti chuma cha dziko chakwera ndi maperesenti akutiakuti, imakhala ikunena za nambala imeneyi.

Tanthauzo lake n'lalifupi. Jidipi ndi mtengo wa katundu yense ndi ntchito zonse zothandiza anthu zimene zapangidwa mkati mwa malire a dziko pa nthawi yoikika, kawirikawiri chaka chimodzi, popanda kuwerenga chinthu chimodzi kawiri. Wophunzira akhoza kuloweza mawu amenewa madzulo amodzi n'kukhoza nawo mayeso. Koma mawu akuti "zonse" ali ndi mpanda wake, ndipo mpandawo anaumanga ndi anthu atakhala pansi n'kugwirizana. Amene sakudziwa pamene mpandawo wadutsa adzaifunsa jidipi mafunso amene siingayankhe, n'kumakhulupirira mayankho amene sinapereke.

Kuti mpandawo uoneke bwino, pulogalamu ino itsatira thumba limodzi la chimanga. Ndalama zimene zitchulidwe ndi zongoyerekeza kuti masamu asavute, si mitengo ya pamsika lero. Amene ali ndi cholembera pafupi achitenge.

Mlimi wa ku Mchinji wakolola thumba la makilogalamu 50 ndipo waligulitsa pa K30,000. Kuti thumbalo lituluke, anathira feteleza wa K12,000, ndipo tinene kuti feteleza yenseyo anachokera kunja kwa dziko. Choncho chimene mlimiyo waonjezera yekha, ndi khasu lake, munda wake ndi thukuta lake, ndi K18,000. Ndalama yotsala ukachotsa zimene unagula kwa ena kuti upange katundu wako ndi imene akatswiri amaitcha mtengo woonjezera, ndipo jidipi yonse yamangidwa pa lingaliro limeneli.

Wagula thumbalo ndi mayi wophika nsima yogulitsa pamsika. Wapita nalo kuchigayo n'kulipira K3,000. Mwini chigayo pa ndalamayo walipira magetsi a K1,000, iye n'kutsala ndi K2,000 monga mtengo wake woonjezera, ndipo K1,000 ija tiiwerenga kuti ndi ya kampani ya magetsi. Mayi uja wagulanso makala a K7,000. Wootcha makala sanagule mtengo kwa munthu aliyense, anangolowa m'nkhalango ndi nkhwangwa, choncho K7,000 yonse ndi mtengo wake woonjezera. Wophunzira asunge mfundo imeneyi, chifukwa pulogalamu idzabwerera kwa wamakalayu. Zonse pamodzi mayiyo waononga K40,000, ndipo nsima yonse ya m'thumbalo waigulitsa K70,000, nkhani ya ndiwo titaiika pambali. Ntchito ya manja ake, kupuntha, kuvundula, kuomola, kutsuka mbale, yaonjezera K30,000.

Tsopano funso la pamayeso: thumba limeneli laika ndalama zingati mu jidipi ya Malawi? Wophunzira wopupuluma amaphatikiza malonda onse amene achitika, a feteleza, a chimanga, a chigayo, a magetsi, a makala ndi a nsima, n'kupeza K123,000. Walakwa, chifukwa chimanga wachiwerenga kawiri, koyamba chili m'thumba, kachiwiri chili m'mbale. Njira yoona ndi kuphatikiza mitengo yoonjezera yokhayokha: K18,000 ya mlimi, K2,000 ya chigayo, K1,000 ya magetsi, K7,000 ya wamakala ndi K30,000 ya wophika. Yankho ndi K58,000.

Pali njira ina yofikira pa yankho lomwelo, yoyambira kwa wogula womaliza. Ndi imene ili m'masamu otchuka awa:

GDP = C + I + G + (X − M)

Chilembo C chikuimira zimene mabanja agula kuti agwiritse ntchito, I ndi ndalama zolowa m'zinthu zokhalitsa monga nyumba, makina ndi misewu, G ndi zimene boma lagwiritsa ntchito potumikira anthu, X ndi zimene dziko lagulitsa kunja, ndipo M ndi zimene lagula kunja. Pa thumba lathu, odya nsima alipira K70,000. Tichotsepo feteleza wakunja wa K12,000, chifukwa sanapangidwe kuno. Zatsala K58,000. Njira ziwiri, yankho limodzi. Ndipo munthu atafunsa aliyense wa anthu aja kuti m'thumba mwake mwatsala zingati, monga malipiro kapena phindu, akafikanso pa K58,000 yomweyo. Iyi ndi njira yachitatu, yowerenga zimene anthu apeza.

Mpaka apa jidipi yagwira ntchito yake mwaukhondo, ndipo m'pofunika kuvomereza kuti ndi chida chanzeru. Chisanabwere, maboma ankayendetsa chuma mongopapasa. Mavuto aakulu a zachuma atagwa ku America mu 1929, aphungu a dzikolo analibe nambala yowauza kuti zinthu zatsika motani. Mu 1934 katswiri wina, Simon Kuznets, anapereka lipoti ku nyumba ya malamulo ya dzikolo losonyeza kuti ndalama zimene dziko limapeza zinatsika ndi pafupifupi theka pakati pa 1929 ndi 1932. Koma mu lipoti lomwelo Kuznets anachenjeza kuti munthu sangadziwe ngati anthu a m'dziko akukhala bwino pongoyang'ana nambala yotereyi. Pambuyo pake katswiri wa ku Britain, Richard Stone, anatsogolera ntchito yokonza malamulo oti mayiko onse aziwerenga mofanana, ndipo bungwe la United Nations linawatulutsa mu 1953. Malamulowo anakonzedwanso mu 1968, mu 1993 ndi mu 2008. Ofesi ya boma yoona za kalembera ku Zomba, imene imawerengera jidipi ya Malawi, imatsatira malamulo amenewa monga amachitira anzawo ku Lusaka, ku Maputo ndi kwina konse.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tsopano thumba lija libwerere ku Mchinji. Chaka chino mlimi sanaligulitse, walisunga kuti banja lake lidye. Kodi latuluka mu jidipi?

Ophunzira ambiri amayankha msanga kuti inde, chifukwa palibe ndalama imene yasintha manja. Yankho limeneli n'lolakwika, ndipo kwa wophunzira wa m'dziko limene mabanja ambiri amadya zolima okha, kulakwitsa pamenepa n'kwakukulu. Malamulo aja amanena kuti katundu wogwirika amene banja lapanga kuti ligwiritse ntchito lokha awerengedwe. Chimanga cha m'nkhokwe chimapatsidwa mtengo umene mlimi akanalandira akanachigulitsa pakhomo pake. Choncho K18,000 ija ikadalimo. Banja likapita kuchigayo, K3,000 ikadalimo. Ngakhale litasinja pamtondo, kusandutsa chimanga kukhala ufa kuli mkati mwa mpanda. Nkhuni zimene mwana wamkazi watola kuphiri, ndi madzi amene watunga kumjigo, malamulo a 1993 anazilowetsa mkati, chifukwa nkhuni ndi madzi ndi katundu wogwirika amene akanatha kugulitsidwa. Tikaika nkhunizo pa K7,000, m'malo mwa makala aja, tafika pa K28,000.

Mpanda uli pamafuwa. Ufa ukangolowa mumphika wa pakhomo, kuwerenga kwatha. Mayi wa panyumbapo wachita zonse zimene anachita mnzake wa pamsika, wakoleza moto, wavundula, waomola, wagawira ana, watsuka mbale, koma K30,000 ya ntchito yophika palibe. Nsima ndi yomweyo, anthu akhuta chimodzimodzi, koma buku la chuma cha dziko lalemba K28,000 m'malo mwa K58,000. Lamulo limati ntchito yotumikira anthu imene a m'banja amachitirana popanda malipiro isawerengedwe: kuphika, kuchapa, kusesa, kulera ana, kusamala odwala ndi okalamba. Pali zopatula ziwiri zokha. Wantchito wa m'nyumba wolipidwa amawerengedwa, ndipo munthu wokhala m'nyumba yakeyake amamuyerekeza ngati akudzilipira lendi.

Katswiri wa ku Cambridge, Arthur Pigou, anaona vutoli kale mu 1920. Iye anati mwamuna akakwatira mayi amene ankamulipira kuti azimusamalira pakhomo, ndalama zimene dziko limapeza zimatsika, ngakhale ntchito ikugwiridwa yomweyo. Koma chitsanzo chimene chimamveka msanga kwa omvera a kuno chili pachipatala. Aliyense amene anagonekapo m'bale wake m'chipatala cha boma amadziwa kuti wodwala sapita yekha, amapita ndi gadiyani. Gadiyaniyo, nthawi zambiri mayi, mlongo kapena azakhali, amasiya munda wake n'kukagona pansi pafupi ndi bedi kapena m'nyumba ya magadiyani. Amaphika phala, amadyetsa wodwala, amamusambitsa, amamutembenuza usiku, amathamangira kukaitana namwino zinthu zikafika povuta. Malipiro a namwino ali mu jidipi, pansi pa chilembo G. Masabata a gadiyani mulibe. Ndipo ngati munda wake wagonera chifukwa sanapalire pa nthawi yake, jidipi idzaonetsa kuchepa kwa chimanga kokha, osaonetsa kuti nthawiyo inapita kukapulumutsa moyo wa munthu.

Kukula kwa ntchito imeneyi si nkhani yongoganizira. Mu 2018 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linawerengera kuti tsiku lililonse anthu amathera maola oposa 16 biliyoni pa ntchito zosamalira ena zosalipidwa, ndipo magawo atatu mwa anayi a maola amenewa amagwira ndi amayi ndi atsikana. Bungwelo linati ntchitoyi itapatsidwa mtengo wa malipiro otsikitsitsa, ikhoza kufanana ndi pafupifupi 9 peresenti ya jidipi ya dziko lonse lapansi. Zaka makumi atatu izi zisanachitike, mu 1988, Marilyn Waring, amene anakhalapo phungu ku New Zealand, analemba buku lodzudzula malamulo a United Nations aja chifukwa chosaona ntchito ya amayi, ndipo buku lake linasonkhezera mtsutso umene sunazime mpaka lero.

Nanga n'chifukwa chiyani akatswiri anaika mpanda pamenepa? Si kuti sankadziwa kuti kuphika ndi ntchito. Zifukwa zawo wophunzira azimve bwino asanazitsutse. Choyamba, chimanga cha m'nkhokwe mwini akhoza kusintha maganizo n'kuchigulitsa mawa, choncho chili ndi mtengo wa pamsika woonekeratu, pomwe kusambitsa mwana kumatha pomwe kwachitikira ndipo n'kovuta kukupezera mtengo umene aliyense angavomereze. Kodi ola la mayi wolera mwana liyezedwe ndi malipiro a wantchito wa m'nyumba, kapena ndi ndalama zimene mayiyo akanapeza akanakhala ku ofesi? Mayankho awiriwa amasiyana kutali. Chachiwiri, boma limafuna jidipi pokonza misonkho, ngongole ndi kayendedwe ka ndalama. Ntchito ya pakhomo singadulidwe msonkho, ndipo itathiridwa m'nambalayo ikhoza kukwirira zimene zikuchitika pamsika. Zifukwa zimenezi n'zomveka. Ngakhale zili tero, zotsatira zake zimapweteka anthu enieni. Pulani ya boma ikamangidwa pa jidipi yokha, kuchepetsa ndalama za chipatala kumaoneka ngati kupulumutsa chuma, pomwe katunduyo wangosamukira pamsana pa gadiyani. Mjigo wokumbidwa pafupi ndi mudzi, umene ungabwezere mtsikana maola awiri tsiku lililonse, umaoneka wochepa phindu poyerekeza ndi ntchito imene imatulutsa malisiti.

Palinso msampha wina wobisika m'nkhani yomweyi. Anthu akamasamukira m'tauni, zambiri zimene ankachita okha amayamba kugula: nsima ya masana pamsika, sukulu ya mkaka yolipira, madzi a pakiyosiki. Jidipi imakwera. Mbali ina ya kukwerako ndi chuma chatsopano ndithu, koma mbali ina ndi ntchito yakale yomwe ija imene yangodumpha mpanda kuchoka pakhomo kulowa pamsika. Nambalayo payokha siingasiyanitse ziwirizi.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Wamakala uja anatsala m'nkhalango ndi K7,000 yake. Buku linalemba ndalama yonseyo ngati mtengo woonjezera, chifukwa mtengo umene anadula sanaugule. Koma dziko linali ndi mtengo dzulo, lero lilibe. Kutayika kumeneku jidipi siichotsera paliponse.

Apa pali zinthu ziwiri zoyenera kuzisiyanitsa. Jidipi imayeza zimene zapangidwa m'chaka, siiyeza chuma chimene dziko lili nacho. Ndiponso siichotsera kutha kwa zipangizo. Chigayo chija chikamagaya, injini yake imadyeka pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina idzafuna ina. Pali nambala ina, imene mabuku amailemba NDP, yomwe imachotsera kutha kwa makina, nyumba ndi misewu, koma siitchuka chifukwa kutha kwa zinthu n'kovuta kukuyeza. Tsono ngati injini yogulidwa ndi ndalama siichotseredwa mu jidipi, kuli bwanji nkhalango yachilengedwe, chonde cha m'nthaka ndi nsomba za m'nyanja?

Nyanja ya Malombe ku Mangochi ikupereka phunziro lomveka. Kale inkadziwika ndi chambo chochuluka. Asodzi atachuluka, ndi makoka a maso ang'onoang'ono okokolola ndi tiana tomwe, nsomba zogwidwa zinali zambiri kwa kanthawi, ndipo chambo chilichonse chogulitsidwa chinkalembedwa ngati chuma chopangidwa. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo cha ku Malombe chinali chitatsala pang'ono kutheratu. M'zaka zimene malonda ankaoneka okoma, msodzi ankadya mbewu, ndipo palibe mzere wa mu jidipi umene ukanamuchenjeza. Kutayikako kunaonekera mochedwa, pamene makoka anayamba kubwera opepuka.

Mitengo nayo ili ndi njira yake yobwezera. Phiri likametedwa, mvula imakokolola dothi n'kulitsitsira mumtsinje wa Shire, ndipo matope ndi zinyalala zimakasokoneza makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ndalama zolipira anthu ndi makina ochotsa matopewo zimayenda m'chuma ngati ntchito ina iliyonse. Thumba la makala linalembedwa tsiku limene linagulitsidwa, koma ngongole yake amadzalipira ndi mwini chigayo amene wakhala tsiku lonse osagaya chifukwa magetsi azima.

Ngozi zogwa mwadzidzidzi zimasokoneza ophunzira ambiri, choncho m'pofunika kuyenda mosamala. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo maboma monga Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje anaona zoopsa. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Kafukufuku amene boma linachita ndi mabungwe othandiza anapeza kuti zoonongeka ndi zotayika zinapitirira madola 500 miliyoni. Kodi jidipi inalemba chiyani? Chimanga chimene chinakokoloka m'munda chisanakololedwe chinatsitsa jidipi, chifukwa ndi zokolola za chaka chimenecho zimene sizinapezeke. Malonda amene anaima chifukwa misewu inaduka anaitsitsanso. Koma nyumba imene inagwa, mlatho umene unapita ndi madzi, sukulu imene inasasuka denga, zimenezi sizichotsedwa mu jidipi, chifukwa zinamangidwa zaka zam'mbuyo. Zimalembedwa m'buku lina la katundu wa dziko limene anthu ambiri saliona. Ndiyeno amisiri akayamba kumanganso mlatho womwewo, simenti, zitsulo ndi malipiro awo zimalowa pansi pa chilembo I ngati chitukuko chatsopano. Wophunzira asanene kuti namondwe amalemeretsa dziko, limenelo ndi bodza. Choona n'chakuti chaka chomanganso chikhoza kuonetsa kukwera kwa jidipi pamene anthu akungoyesetsa kubwerera pamene anali. Za anthu amene anatisiya, nambalayi ilibe malo owalemba.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Zonse zimene zakambidwa mpaka pano ndi zinthu zimene malamulo anazisiya kunja mwadala. Pali gulu lina losiyana nalo, limene wophunzira asalisakanize ndi loyambalo: zinthu zimene malamulo amati ziwerengedwe, koma owerenga sanazifikire.

Mnyamata wa kabaza, mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, bambo wa ganyu yopalira, telala wa pakhonde, onsewa ali mkati mwa mpanda. Ntchito yawo ndi ya pamsika ndipo ndalama zimasintha manja. Vuto n'lakuti sapereka lisiti, salembetsa bizinesi, ndipo sasunga mabuku. Ofesi ya kalembera siingawawerenge mmodzimmodzi chaka chilichonse. Imachita kafukufuku wamkulu chaka china, n'kupeza kukula kwa gawo lililonse la chuma, ndipo chaka chimenecho chimakhala chaka choyezera. M'zaka zotsatira imangoyerekeza kuti gawo lililonse lakula motani kuchokera pamenepo. Chaka choyezera chikakalamba, ntchito zatsopano zimene kunalibe kapena zinali zazing'ono pa nthawiyo zimakhala zosaoneka.

Dziko la Nigeria linaonetsa poyera kukula kwa vutoli. Mpaka 2014 linkagwiritsa ntchito 1990 ngati chaka choyezera, nthawi imene mafoni a m'manja anali asanafale ndipo makampani opanga mafilimu a Nollywood anali asanakule. M'mwezi wa Epulo 2014 linasamutsira chaka choyezera ku 2010, ndipo jidipi ya 2013 inachoka pa madola pafupifupi 270 biliyoni kufika pa madola pafupifupi 510 biliyoni. Tsiku limodzi lokha Nigeria inadutsa South Africa n'kukhala dziko la chuma chachikulu kuposa onse mu Africa. Palibe munthu wa ku Lagos amene anadzuka m'mawa mwake ali ndi ndalama zoonjezera m'thumba. Chumacho chinalipo kale, chinkangosowa wochilemba. Ku Ghana zofananazo zinachitika mu 2010, pomwe jidipi inakwera ndi maperesenti oposa 60. Nayonso Malawi itasamutsa chaka choyezera kuchoka ku 2010 kupita ku 2017, chuma chake chinapezeka chachikulu ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu kuposa mmene ankaganizira.

Zimenezi zili ndi zotsatira zake. Ngongole ya dziko ndi misonkho imene limatolera zimayezedwa pozigawa ndi jidipi. Nambala ya pansi ikakula, ngongole imaoneka yopepukirapo, ndipo misonkho imaoneka yochepa kuposa mmene anthu ankanenera, ngakhale palibe tambala imene yasintha. Ndiye wophunzira akaona tebulo loyerekeza mayiko, kapena loyerekeza zaka zotalikirana za dziko limodzi, ayambe wayang'ana m'munsi mwa tebulolo kuti aone chaka choyezera. Ayang'anenso ngati manambalawo ali pa mitengo ya chaka chomwecho kapena pa mitengo yosasintha. Mitengo ya zinthu ikakwera ndi 30 peresenti, jidipi yowerengedwa m'makwacha a chaka chomwecho imafufuma ngakhale dziko lisanakolole thumba limodzi loonjezera. Kukwera kwenikweni kumaoneka pokhapokha kukwera mitengo kutachotsedwa.

Ngakhale nambala itawerengedwa bwino chotani, imakhalabe chiphatikizo, ndipo chiphatikizo sichinena kuti wadya ndani. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo chiwerengerocho chinkakula ndi 2.9 peresenti pachaka. Choncho chaka chimene jidipi yakwera ndi 2 peresenti, gawo la munthu mmodzi latsika, ngakhale mutu wa nkhani ukunena kuti chuma chakula. Kugawa jidipi ndi chiwerengero cha anthu nakonso sikuthetsa nkhani. Mudzi wa mabanja khumi, limodzi litakolola matumba 91 ndipo ena asanu ndi anayi thumba limodzilimodzi, masamu adzati banja lililonse lili ndi matumba khumi, pomwe m'nyumba zisanu ndi zinayi njala yalowa Khirisimasi isanafike. Kuti adziwe za umphawi, wophunzira ayenera kutsegula buku lina, la kafukufuku wa m'mabanja. Kafukufuku wotere wa mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti theka la Amalawi, 50.7 peresenti, linali pa umphawi. Nambala imeneyi singatuluke mu jidipi ngakhale munthu ataifinya motani.

Malire a dziko nawo amasiya zina kunja. Mmalawi amene wakhazikika ku Joni, ntchito yake ili mu jidipi ya South Africa, ndipo ndalama zimene amatumiza kwawo ku Mzimba kapena ku Mangochi sizili mu jidipi ya Malawi, ngakhale ndi zimene zikulipirira ana sukulu. Mbali inayo, mgodi wa kampani yakunja umalowa wonse mu jidipi ya dziko limene uli, ngakhale phindu lake litakwera ndege kupita kwa eni ake. Pofuna kudziwa zimene zatsalira anthu a m'dzikomo, akatswiri amayang'ana manambala ena a m'buku la chuma cha dziko, oyambira pa amene amalembedwa GNI.

Poona mipata yonseyi, akatswiri ena anakonza zoyezera zina zoti ziziyenda limodzi ndi jidipi. Chodziwika kwambiri chinatuluka mu 1990 pansi pa utsogoleri wa Mahbub ul Haq wa ku Pakistan, mothandizana ndi Amartya Sen wa ku India. Chimaphatikiza ndalama, zaka zimene munthu amayembekezeka kukhala ndi moyo, ndi maphunziro. Malamulo a United Nations aja amalolanso dziko kusunga mabuku apambali, lina la ntchito zosalipidwa za pakhomo, lina la nkhalango, madzi ndi nthaka. Koma buku la ntchito za pakhomo silingalembedwe popanda kafukufuku wofunsa anthu mmene amathera maola a tsiku lawo, ndipo buku la nkhalango limafuna anthu oyeza mitengo chaka ndi chaka. Zonsezi zimafuna ndalama ndi akatswiri, ndipo ena mwa akatswiri amene adzagwire ntchito imeneyi ndi amene akumvera pulogalamu ino ali m'chaka choyamba.

Ntchito ya sabata ino nayi. Wophunzira aliyense asankhe tsiku limodzi, alembe ntchito zonse zimene zagwiridwa pakhomo pamene akukhala kuyambira m'mamawa mpaka usiku, ndi maola ake, ndi amene wazigwira. Kenako pa ntchito iliyonse alembe ngati ili mkati mwa mpanda wa jidipi kapena kunja, ndipo ngati ili mkati, aganize ngati ofesi ya ku Zomba ingathe kuidziwa. Pepalalo mupite nalo m'kalasi, mukakambirane ndi aphunzitsi anu.

(NYIMBO YOTSEKERA)